Kodi John Chilembwe ankalankhula chilankhulo chanji pakhomo pake?

Mphunzitsi_Namadzi
Moni nonse. Ndikukonza sewero loti ana anga a Fomu 3 adzachite pa 15 Januwale, ndipo ndakakamira pamalo amodzi. Pali gawo limene Chilembwe akutsanzikana ndi mayi ake asanapite ku Amereka mu 1897, ndi lina limene akucheza ndi mkazi wake Ida usiku ku Mbombwe. Ana agawikana. Ena akuti tichite m'Chiyao chifukwa munthuyu anali Myao, ena akuti m'Chichewa, ndipo mtsikana mmodzi akuti m'Chingerezi popeza pachithunzi banja lonse lavala ngati azungu. Ine sindikufuna kuphunzitsa ana bodza. Amene mukudziwa mundithandize: ankadziwa zilankhulo ziti, ndipo m'nyumba mwake munkamveka chiti?

CheMdala_Mangochi
Apa palibe chovuta aphunzitsi. Bambo ake anali Myao, kwawo ku Chiradzulu ndi kwa mafumu achiyao, a Mpama, a Kadewere. Mwana wa Myao m'mudzi wa Ayao alankhulenso chiyani? Chiyao basi.

NaBanda_Dedza
Nanga mayi ake mwawasiya kuti? Mwana amayamba kumva mawu ali kumsana kwa mayi ake, osati pabwalo la mfumu. Mayi a Chilembwe anali Mmang'anja. Komanso kuno mwana ndi wa kuchikazi, Ayao omwe ndi choncho.

Kalaliki_Wakale
Nonse awiri mwatchula zoona, koma ndikupempha kuti tiyambe taona kumene zoonazo zinachokera, chifukwa funso la aphunzitsi lili ndi mafunso atatu mkati. Pali nyumba imene anakuliramo, pali nyumba imene anamanga yekha ndi Ida atabwerako ku Amereka mu 1900, ndiye pali guwa limene ankalalikira. Yankho la imodzi si yankho la inzake.

Za ubwana wake zolembedwa ndi zochepa ndipo zambiri zinachokera kwa anthu akunja. Chaka cha 1871 ndi malo a Sangano zimene timaloweza kusukulu zinachokera m'kabuku kamene kanasindikizidwa ku Amereka mu 1914. Zoti bambo ake anali Myao ndipo mayi ake Mmang'anja wogwidwa pankhondo ananena ndi Joseph Booth, mzungu amene anamulemba ntchito mu 1892. Booth anakhala naye zaka zisanu ndipo anayenda naye ulendo wa panyanja, kotero umboni wake ndi wolemera. Koma onani chimene ananenacho. Ananena za mtundu wa makolo. Sananene za chilankhulo cha pakhomo. Ifeyo ndi amene timalumpha kuchoka pa mtundu kufika pa chilankhulo.

Tsono mawu oti “wogwidwa pankhondo” asintha zimene a NaBanda anena. Mwambo woti mwana ndi wa kuchikazi umayenda pamene mwamuna wapita chikamwini, mkazi ali pamudzi pa amayi ake, pafupi ndi alongo ake ndi achemwali ake. Mkazi wogwidwa analibe zonsezo. Iye ndi amene ankakhala pamudzi pa mwamuna, ana ake ankakulira pamenepo, ndipo panalibe malume wodzawaitanitsa. Ndi chifukwa chake amuna amphamvu nthawi imeneyo ankafuna akazi otere, kuti ana akhale awo. Choncho ngati Booth ananena zoona, mwanayu ankasewera ndi ana olankhula Chiyao ndipo ankatumidwa ndi akulu olankhula Chiyao. Apo a CheMdala apeza mfundo.

Koma mudzi wa Ayao ku Chiradzulu m'zaka za m'ma 1870 usakhale m'maganizo mwathu ngati mudzi wa ku Makanjira lero. Ayao anali atangofika kumapiri kuno cha m'ma 1860, ndipo anapeza Amang'anja. Nkhondo ndi njala ya 1862 ndi 1863 zinabalalitsa Amang'anja, ambiri mwa otsala, makamaka akazi ndi ana, n'kulowa m'midzi ya obwerawo. Mayi a Chilembwe sakanakhala okha. Kumtondo ndi kudambo kunali akazi anzawo olankhula Chimang'anja. Ine ndimaona mwana wokula ndi ziwiri kuyambira akuyamwa.

CheMdala_Mangochi
Ziwiri ndavomera. Koma chachikulu chinali chiti? Mishoni yake yomwe poyamba ankaitchula Ajawa Providence Industrial Mission. Munthu angaike dzina la mtundu umene sakulankhula chilankhulo chake?

Kalaliki_Wakale
Dzinalo ndi loona a CheMdala, ndipo likusonyeza kuti iye ankadzitchula Myao pamaso pa anthu, makamaka pamaso pa Abaptisti akuda a ku Amereka amene ankatumiza ndalama. Ndi umboni wabwino wa mmene ankadzionera. Koma taganizirani a Harry Kambwiri Matecheta, a m'badwo womwewo, a dera lomwelo, Myao wa ku Blantyre Mission amene anadzozedwa ubusa mu 1911. Atafuna kulemba mbiri ya mishoniyo analemba m'Chinyanja. Kukhala Myao ndi kugwira ntchito m'Chinyanja sizinkatsutsana kwa anthu amenewa.

Jonibeki265
Ine ndinamva kuti atabwera kunja anali ataiwala chilankhulo cha kwawo, moti polankhula kwa anthu ankafuna womasulira.

NaBanda_Dedza
Achimwene mwasokoneza ndi a Kamuzu.

Jonibeki265
Zoona, ndi a Kamuzu amene ndimawaganizira. Koma funso langa likadalipo, Chilembwe sizikanamuchitikira?

Mai_aTadala
Ayi, sizikufanana. A Kamuzu anachoka ali mnyamata ndipo anakhala kunja zaka zoposa 40 asanabwere mu 1958. Chilembwe anachoka ali bambo wamkulu ndipo anakhala zaka zitatu zokha. Zaka zitatu munthu saiwala chilankhulo cha amake. Ngakhale za a Kamuzu zomwezo anthu amakangana. Pamsonkhano ankalankhula Chingerezi, a Msonthi kapena a Tembo n'kumamasulira, koma akuluakulu amene ankapita kumisonkhanoko amasimba kuti womasulira akaphonya, iwo ankamukonza pomwepo. Munthu woiwala angakonze bwanji mnzake? Ine ndimati chilankhulo chimene munthu wasankha pagulu sichikuuza zonse zimene akudziwa.

Mphunzitsi_Namadzi
Mfundo imeneyo ndaigwira amayi. Koma tibwerere ku Chiradzulu. Bambo Kalaliki, nanga Chingerezi anachidziwa liti? Mwana uja akuumirirabe kuti panyumba pa m'busa wophunzira ku Amereka pankalankhulidwa Chingerezi.

Kalaliki_Wakale
Chingerezi ndiye chosavuta kutsatira chifukwa chinasiya mapepala. Anayamba kuchiphunzira kusukulu ya mishoni ya Askoti ya ku Blantyre cha m'ma 1890. Mwana wamkazi wa Booth, Emily, analemba m'buku lake kuti Chilembwe anabwera ndi kakalata kachingerezi chothyokathyoka kopempha ntchito ya ukhukhi. Nkhaniyi ndi yokoma, koma tikumbuke kuti Emily anali kamtsikana nthawiyo ndipo bukulo linatuluka patapita zaka pafupifupi 60. Chimene sitingakaikire ndi chakuti posakhalitsa anakhala womasulira wa Booth ku Mitsidi, kumene Zambezi Industrial Mission inayambira, ndipo anabatizidwa mu Julaye 1893.

Ntchito yomasulirayo ndi umboni umene anthu amaudutsa msanga. Womasulira amamasulira kupita m'chilankhulo chimene anthu omvera akumva. Ku Mitsidi, kufupi ndi phiri la Michiru, kunkabwera Ayao, Amang'anja ndi Angoni ochokera kumapiri a Ntcheu odzafuna ntchito. Chowalumikiza onsewa chinali Chimang'anja kapena Chinyanja. Munthu wodziwa Chiyao chokha sakanathandiza Booth mokwanira.

Kenako anakaphunzira ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Atabwera ankalembera makalata a Lewis Jordan, mlembi wa za mishoni ku National Baptist Convention, ndipo ena ankasindikizidwa m'nyuzi yawo ya Mission Herald. Mu Novembala 1914 analembera Nyasaland Times kalata ija yodandaula kuti Aafirika akufera nkhondo ya azungu. Zonsezi ndi za m'Chingerezi. Koma dzifunseni kuti ankalembera ndani. Jordan sankamva Chiyao, owerenga Nyasaland Times anali azungu a m'maesiteti ndi a boma. Zimene zatsala ndi zimene anatumiza kunja, n'chifukwa chake zinapulumuka. Wina akangowerenga mulu umenewu angaganize kuti munthuyu ankalota m'Chingerezi.

Zomba_Archive_Fan
Ndiwonjezere apo. Zimene zikanatiuza za m'nyumba ndi zimene zinaonongeka. Kuukira boma la atsamunda kunayamba pa 23 Januwale 1915, Chilembwe n'kuphedwa pa 3 Febuluwale, ndipo boma linaphulitsa tchalitchi cha ku Mbombwe n'kutseka mishoni. Mapepala amene asilikali anatola anapita m'manja mwa boma. Kenako mu 1919 ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inapsa ndi mafayilo ambiri akale. Ndiye kaundula wa mpingo, timakalata topita kwa madikoni, mabuku a nyimbo amene anali pa benchi, zinthu zotere ndi zimene munthu ayenera kusaka chimodzichimodzi.

Ndinagwirako ntchito yothandiza ofufuza kuwerenga mafayilo a nthawi ya atsamunda, ndipo pali msampha umene ndinaona anthu akugweramo kawirikawiri. Umapeza umboni wa mayi wa kumudzi uli m'Chingerezi chosalala, ndiye munthu n'kulemba kuti mayiyu ankadziwa Chingerezi. Ayi. Kalaliki wa khoti ankalemba zimene womasulira wanena. Uyenera kuyang'ana pamwamba kapena pamapeto pa tsamba ngati palembedwa kuti zamasuliridwa, ndi dzina la womasulirayo. Ukaona chidindo cha chala kapena kamtanda m'malo mwa siginecha, dziwa kuti mawuwo adutsa m'kamwa mwa munthu wina. Chimodzimodzi kalata yogwidwa: nthawi zina mufayilo muli kumasulira kotayipidwa kokha, nthawi zina pepala lenilenilo lamangiriridwa kumbuyo. Lofunika ndi lakumbuyolo.

MwanaAlomwe
Mukukambirana Chiyao ndi Chimang'anja ngati ife kunalibe. Anthu ambiri amene ankadzaza tchalitchi cha Providence Industrial Mission, PIM, anali Alomwe ochokera ku Mozambiki, omwe ankavutika ndi thangata ku esiteti ya Bruce ku Magomero pansi pa manijala wake William Jervis Livingstone, amene ankamutcha Listoniya.  M'busa wawo akanalephera kulankhula Chilomwe?

CheMdala_Mangochi
Kukhala ndi nkhosa zachilomwe si kulankhula Chilomwe. Ndi abusa angati lero ali ku Phalombe osadziwa ngakhale moni wake?

MwanaAlomwe
Lero ndi lero bambo. Lero Alomwe ambiri tikulankhula Chichewa. Nthawi imeneyo anthu anali atangowoloka malire, ena sanathe n'chaka chomwe.

Kalaliki_Wakale
A MwanaAlomwe mwakumbutsa chinthu chofunika, ndipo zoti Alomwe anali msana wa mpingowo palibe wotsutsa. Koma tione nthawi. Alomwe anayamba kubwera mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi pambuyo pake. Chilembwe anali atakula kale. Ngati anachidziwa, anachiphunzira ali wamkulu, monga m'busa amene akuyendera odwala ndi kuweruza milandu ya mabanja, ndipo sindingadabwe ngati ankamva ndi kupereka moni. Sichikanakhala chilankhulo cha ubwana wake. Komanso obwerawo ndi amene ankakakamizika kuphunzira. Kapitawo wa pa esiteti, kalaliki wa msonkho, mphunzitsi wa sukulu, onse ankawalankhula m'Chinyanja.

MwanaAlomwe
Apo mwandikumbutsa agogo anga aakazi a ku Thyolo. Ife tinakula tikudziwa kuti agogo amalankhula Chichewa basi. Kutchalitchi Chichewa, kumsika Chichewa, kutikalipira Chichewa. Tsiku lina kunabwera mng'ono wawo kuchokera ku Milanje, ndipo awiriwo anakhala pamkeka kuseri kwa nyumba kuyambira masana mpaka mdima akulankhula Chilomwe chokhachokha, kuseka ndi kulira komwe. Ife ana tinaima patali kudabwa. Atamwalira, amalume analemba mbiri yawo yowerenga pamaliro, ndipo za Chilomwe sanatchulemo. Wina akadzafufuza agogo anga patapita zaka 100 adzapeza khadi la ubatizo ndi buku la nyimbo la Chichewa, n'kulemba kuti pakhomo pawo pankalankhulidwa Chichewa. Sadzakhala atanama, komanso sadzakhala atawadziwa.

NaBanda_Dedza
Zimenezi zandikhudza. Kwathunso agogo aamuna anali Mngoni wonyadira, nthenga kumutu, ngoma kuvina, koma Chingoni ankangodziwa cha m'nyimbo. Mukanawafunsa mtundu akanati Mngoni, mukanamvetsera pakhomo mukanamva Chichewa.

Mai_aTadala
Ndiye vuto la kalembera limenelo. Funso loti “ndinu mtundu wanji” ndi loti “mumalankhula chiyani pakhomo” amapereka mayankho osiyana m'nyumba imodzi yomweyo. Ana anga kuno ku Leeds mukawafunsa amati ndi Achewa, koma amandiyankha m'Chingerezi ine ndikuwalankhula Chichewa. Pakhomo pathu pamalankhulidwa chiyani pamenepo? Ziwiri nthawi imodzi, china chikupita china chikubwera.

Mphunzitsi_Namadzi
Zimenezo zikundipatsa ganizo la gawo loyamba lija: mayi azilankhula Chimang'anja, achibale a bambo Chiyao, iye aziyankha aliyense m'chake. Koma nanga ndi Ida?

Kalaliki_Wakale
Nyumba ya ku Mbombwe ndi imene mtsikana wanu ali ndi kachigawo ka choonadi. Pamishoni panakhala Aamereka akuda awiri, Landon Cheek amene anafika mu 1901 ndi Emma DeLany amene anafika mu 1902, ndipo pofika kumapeto kwa 1906 onse anali atachoka. Zaka zimenezo Chingerezi chinkamveka tsiku ndi tsiku, pachakudya, pokonza za sukulu, m'kalasi ya kusoka imene DeLany ankaphunzitsa amayi. Chilembwe ankafuna kuti anthu ake avale bwino, aphunzire, aime pamaso pa mzungu osagwetsa nkhope, ndipo Chingerezi chinali mbali ya zimenezo. Ana ake ayenera kuti anachimva ali aang'ono kuposa ana ena onse a m'deralo.

Koma nyumba ya m'busa wa nthawi imeneyo sinali ya anthu anayi otseka chitseko. Munali adzukulu, ana ogonera pasukulu, antchito, odwala, alendo ochokera ku mipingo ya kutali.  Anthu onsewa sakanalankhulidwa m'Chingerezi. Ine ndikanakhala wolemba sewerolo, Chilembwe ndi Ida akanacheza m'Chinyanja cha kumwera, mawu achingerezi n'kumalowa akamakamba za sukulu, za ndalama zochokera kwa a Jordan ndi za boma, ndipo Chiyao n'kutuluka akalowa wachibale wachikulire. Uku ndi kuyerekeza kochokera pa mmene malowo analili, ndipo ana muwauze choncho.

CheMdala_Mangochi
Apa ndiye sindikuvomera. Bwanji Chinyanja chikhale pakati, Chiyao chikhale cha alendo? Daniel Malekebu, amene anadzatsegulanso PIM mu 1926, anali mwana wa pamishoni pomwepo ndipo anali Myao. Anthu oyamba kumuzungulira Chilembwe anali abale ake ndi anansi ake a kwa Ayao. Ine ndikuona kuti mabuku anazolowera kukankhira Chiyao kumbali kuyambira 1968 pamene Chichewa chinakwezedwa, ndipo ifenso tikuchita zomwezo osazindikira.

Kalaliki_Wakale
Chenjezo limenelo ndalilandira a CheMdala, ndipo ndi loona kuti mtundu uliwonse umakokera ngwazi kwawo, wolamula n'kukoka kwambiri. Chifukwa changa ndi ichi. Ku Blantyre Mission komweko amishoni oyamba, monga Duff Macdonald, ankagwira ntchito m'Chiyao. David Clement Scott atafika mu 1881 anakankhira ntchito ku Chimang'anja, ndipo dikishonale yake yaikulu ya Chimang'anja inatuluka mu 1892, chaka chomwe Chilembwe anakumana ndi Booth. Alexander Hetherwick anapitiriza Chiyao ku Domasi, analemba buku la galamala yake ndi kumasulira Malemba, kotero mabuku a Chiyao analipo. Koma pofika 1900 sukulu, boma ndi maesiteti a kumapiri a Shire zinali zitatsamira ku Chinyanja. Tsono taonani anthu amene Chilembwe ankapangana nawo mu 1914: John Gray Kufa wochokera kumunsi kwa Zambezi, Filipo Chinyama wa ku Ntcheu, Alomwe a ku Magomero, Ayao a ku Chiradzulu. Pamsonkhano wa anthu amenewa Chiyao chikanasiya ena kunja. Za paguwa ndi pamsonkhano ndine wolimba mtima. Za kuchipinda, mukhoza kukhala olondola inu.

CheMdala_Mangochi
Za paguwa ndakusiyirani. Kuchipinda ndikugwirabe.

Phiri_wa_Chipata
Ndifunse nawo kuchokera kuno ku Zambia. Mawu aja otchuka oti timenye kamodzi kenako tife, amene amati ananena usiku womaliza, anawanena m'chilankhulo chanji? Sangatithandize amenewo?

Zomba_Archive_Fan
Amenewo ndi chitsanzo chabwino cha mmene mawu amayendera. Timawadziwa kudzera kwa George Simeon Mwase, Mtonga amene anali kalaliki wa boma. Iye sanali ku Mbombwe usiku umenewo. Analemba nkhaniyi cha mu 1932 ali m'ndende ku Zomba, atamva kwa Wallace Kampingo amene anali nawo pa kuukirako. Analemba m'Chingerezi, ndipo zolembazo zinasindikizidwa mu 1967 ndi Robert Rotberg pa mutu woti Strike a Blow and Die. Ndiye werengani masitepe: Chilembwe analankhula mu 1915, Kampingo anasunga m'mutu zaka zoposa 15, anafotokozera Mwase, Mwase anaika m'Chingerezi chake. Chingerezi cha mawuwo ndi cha Mwase. Sichikutiuza kanthu za chilankhulo chimene chinamveka usikuwo.

Jonibeki265
Nanga sangaone kalembedwe kake ka Chingerezi n'kudziwa chilankhulo chimene chili pansi? Ife kuno ku Joni Mzulu akalemba Chingerezi timamudziwa, Mshona timamudziwa.

Zomba_Archive_Fan
Njira imeneyo ilipo koma ili ndi malire awiri. Loyamba, pamafunika pepala la dzanja lake. Kalata yosindikizidwa mu Mission Herald yadutsa kwa mkonzi amene akhoza kuwongola masipelo ndi ziganizo, ndiye zizindikiro zafufutika. Lachiwiri, zolakwa zambiri zimene Myao angachite m'Chingerezi ndi zomwezo zimene Mmang'anja angachite. Kusokoneza l ndi r, kusokoneza mwamuna ndi mkazi m'malowam'malo, zonsezi ndi za tonsefe. Chosiyanitsa chenicheni ndi chochepa. Chiyao chakale chinalibe z ndi v, ndipo f ankapezeka m'mawu obwereka, n'chifukwa chake agogo achiyao polankhula Chichewa mumamva s pamene ife tikuika z. Munthu atapeza zimenezo mobwerezabwereza m'zolemba za dzanja lake, makamaka ngati analemba m'Chinyanja, ungakhale umboni wolozera ku Chiyao. Koma munthu wopita kusukulu amaphunzira sipelo ya m'buku ndipo lilime lake silionekanso papepala. Kusapezeka kwa chizindikiro sikutsimikiza kanthu.

NaBanda_Dedza
Nanga maina? Ndinawerenga kuti mdzukulu wake ananena kuti mayi ake anali a Nyangu, bambo ake a Kaundama. Nyangu ndi dzina lathu la Amaravi, la mayi wa a Kalonga.

Kalaliki_Wakale
Zimenezo zinanenedwa m'zaka za m'ma 1990, patapita zaka zoposa 100 chibadwire munthuyo, ndipo ena amatchula maina ena. Zikugwirizana ndi zimene Booth ananena zoti mayi anali wa mbali ya Amang'anja, ndiye ndi mboni yachiwiri pa mfundo imeneyo. Koma dzina limayenda mosavuta kuposa chilankhulo. Limaperekedwa pokumbukira agogo, limasinthidwa kuchinamwali, limasinthidwa paubatizo. Likuthandizeni kudziwa kumene banja linachokera, lisakuuzeni zimene ankalankhula podya nsima.

Anganga_aNguludi
Ana inu, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Ine ndinabadwira kufupi ndi Nguludi ndipo ndinakulira mu PIM. Chilembwe sindinamuone, ngakhale amayi anga anali asanabadwe. Koma akuluakulu amene ndinawapeza, amene makolo awo anaona nkhondo ya Chilembwe, ankapemphera m'Chinyanja, ankaimba m'Chinyanja, ndipo tikatuluka panja ena ankatembenukira ku Chiyao, ena ku Chilomwe, malinga ndi amene waima naye. Palibe amene ankaona chachilendo. Munthu wolankhula chimodzi chokha ndi amene tinkamudabwa. Funso lanu loti chinali chiti, akuluakulu aja sakanalimva bwino. Akanakufunsani kuti, polankhula ndi ndani?

Mphunzitsi_Namadzi
Zikomo kwambiri anganga. Mwandipatsa chochita. Namadzi ndi Mbombwe si patali, ndiye ndikufuna nditenge ana angapo tikacheze ndi achikulire a kumeneko tisanamalize kulemba. Alipo angandilangize kafunsidwe kake?

Zomba_Archive_Fan
Pitani, koma dziwani kuti mukukamva za m'badwo wachitatu kapena wachinayi, ndipo mpingo umene anganga akufotokoza ndi wa pambuyo pa 1926, wa nthawi ya a Malekebu. Ndi pafupi kwambiri ndi nthawi ya Chilembwe, koma pakati pali zaka 11 zimene mishoni inali yotseka ndipo anthu anabalalika.

Musakafunse kuti “Chilembwe ankalankhula Chiyao eti?” chifukwa munthu waulemu adzangovomera. Musakafunsenso za Chilembwe poyamba, popeza aliyense anamva za iye pa wailesi ndi kusukulu ndipo adzakubwezerani zomwezo. Yambani ndi agogo awo enieni. Agogo anu ankakuimbirani nyimbo yanji pokugonekani? Akakwiya ankakalipa m'chilankhulo chanji? Ankawerenga mbuzi m'chilankhulo chanji? Pempherani mmene iwo ankapempherera. Munthu akatchula mawu amene akuti Chilembwe ananena, mufunseni kuti anamva kwa ndani, ndipo amene anamuuzayo anali kuti mu 1915, anali ndi zaka zingati. Mawuwo mujambule mmene atulukira, ana asawasandutse Chichewa cha m'kalasi polemba. Mukachezenso ndi mabanja osiyana paokhapaokha, a mbali ya Ayao, a mbali ya Alomwe, chifukwa mukawasonkhanitsa pamodzi wamkulu mmodzi adzayankhira onse.

Musanapite, ngati mungapeze Independent African ya George Shepperson ndi Thomas Price ya 1958, werengani mitu yoyambirira pamodzi ndi manotsi ake akumapeto, chifukwa ndi mmene muli kuti mfundo iliyonse anaitenga kwa ndani. Price ankadziwa Chinyanja bwino, analembanso buku lophunzitsira chilankhulochi. Umboni wa komiti yofufuza ya 1915 anausonkhanitsa John McCracken m'buku la Voices from the Chilembwe Rising. Komitiyo inkafunsa za zifukwa za kuukira, osati za zilankhulo, ndiye zimene mukufuna mudzazitola m'mbali, pamene mboni yatchula mwangozi kuti kalata inali m'chilankhulo chakuti kapena kuti panali womasulira.

CheMdala_Mangochi
Aphunzitsi, mukapita mutenge mwana mmodzi wodziwa Chiyao bwino, ndipo iyeyo ndi amene akapereke moni. Mukayamba ndi Chichewa, achikulire adzakuyankhani m'Chichewa mpaka mudzanyamuke, inu n'kubwera kudzatiuza kuti ku Mbombwe kulibe Chiyao.

MwanaAlomwe
Ndi wa Chilomwe yemwe. Ngati m'kalasi mwanu mulibe, ndili ndi mlamu wanga ku Chiradzulu boma amene angakuperekezeni Loweruka.